Mawu olandirira ophunzira pa tsiku loyamba la kalasi yophika ya pa intaneti

Mawu olandirira ophunzira ndi zimene mphunzitsi wa zophika amayankhula m'mphindi zoyambirira za kalasi, moto usanayatsidwe. Pa kalasi ya pa intaneti, imene mphunzitsi ndi ophunzira amaonana pa foni kapena pa kompyuta nthawi yomweyo, mawuwa amalembedwa ndi kuyeserera tsikulo lisanafike. Chifukwa chake n'chakuti mphunzitsi sali m'khitchini imodzi ndi anthu ake. Wina ali ku Zomba ndi mbaula, wina ali ku Johannesburg ndi chitofu cha gasi, wina ali ku Leeds ndi kuka ya magetsi. Mphunzitsi sangasuzumire m'poto wa aliyense, sangamve kuti mafuta a uje ayamba kununkha kupserera, ndiponso sangagwire dzanja la munthu amene wanyamula mpeni molakwika. Chimene ali nacho ndi mawu basi. Choncho ntchito ya mawu olandirira ndi kufikitsa makhitchini onsewo pa malo amodzi oyambira, aliyense ali ndi zipangizo zake pafupi, akudziwa chochita zinthu zikavuta.

Kutalika kwake

Mawu olandirira abwino amatenga mphindi zisanu, akatalika zisanu ndi ziwiri. Malirewa ali ndi zifukwa ziwiri. Choyamba, ophunzira amalowa ataimirira, atamanga kale chitenje kapena epuloni, ndipo munthu woimirira pafupi ndi fulawa sachedwa kuyamba kusakaniza yekha akaona kuti nkhani yatalika. Akatero ndiye kuti kalasi yagawikana isanayambe. Chachiwiri ndi nthawi imene mapulogalamu aulere amapereka. Zoom yaulere imadula msonkhano pakatha mphindi 40, ndipo Google Meet yaulere imadula msonkhano wa anthu atatu kapena kuposerapo pakatha mphindi 60. Mphunzitsi amene wathera mphindi 15 pa malonje watsala ndi mphindi 25 zokha pa Zoom, zimene sizikwanira kusakaniza, kutenthetsa mafuta ndi kukazinga.

Kutalika kwa mawu sikuyezedwa ndi maso pa pepala. Mphunzitsi amawawerenga mokweza ataika wotchi patsogolo, kenako n'kuwonjezerapo mphindi imodzi kapena ziwiri za mayankho. Pa intaneti mawu amachedwa pang'ono kufika, ndipo wophunzira amafunika nthawi yopukuta m'manja asanagwire foni. Funso lililonse limafuna kuti mphunzitsi akhale chete n'kuwerenga mumtima mpaka zisanu. Amene sadikira amaganiza kuti palibe wamva, n'kubwereza funso pamene yankho likungoyamba kumene, mawu n'kuwombana.

Mndandanda wa zonena

Zinthu zimanenedwa motsatana, ndipo chotsogola ndi chimene zinzake zonse zikudalira. Choyamba ndi moni ndi dzina, m'ziganizo ziwiri kapena zitatu. Nthawi yomweyo mphunzitsi amayesa ngati akumveka ndi kuoneka, popeza palibe phindu lonena malamulo kwa anthu amene akungoona milomo ikugwedera. Amapempha chizindikiro chosafuna kugwira foni, monga kukweza chala chachikulu ku kamera.

Chachiwiri ndi lamulo la moto: pasapezeke woyatsa chitofu kapena woika mafuta pamoto mphunzitsi asananene. Lamuloli limabwera koyambirira chifukwa anthu achangu amatereka poto akungolowa, ndipo mafuta amene akhala pamoto mphindi 20 popanda chokazinga amafika potulutsa utsi. Koma a mbaula amauzidwa zosiyana. Makala amatenga nthawi kuti akolere, choncho iwo amakoleza kalasi isanayambe kapena pomwepo, kungoti poto asamutereke.

Chachitatu ndi chakudya cha tsikulo ndi nthawi yomaliza. Wophunzira amafuna kudziwa chimene chidzakhale m'mbale mwake pomaliza, ndi nthawi imene adzamasuke kuti akaone ana kapena akaphike nsima ya madzulo. Kwa kalasi ya anthu a m'maiko osiyana, nthawi imanenedwa ngati kutalika, monga ola limodzi ndi mphindi 15, osati ngati ola la pa wotchi. Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa ali ndi nthawi imodzi, koma Britain imatsalira ndi maola awiri kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Malichi, ndipo miyezi inayo imatsalira ndi ola limodzi.

Chachinayi ndi kagwiritsidwe ka pulogalamu. Pano pakufunika zinthu zitatu zokha: kutseka maikolofoni, njira yofunsira funso, ndi chochita netiweki ikaduka. Mabatani amatchulidwa mmene alembedwera pa foni, monga Mute, Unmute ndi Chat, chifukwa wophunzira amawafufuza ndi maso. Nkhani ya kujambula imabweranso pano. Ngati kalasi ijambulidwe, mphunzitsi amanena asanadine Record, amanena amene adzaone vidiyoyo, ndipo amalola wosafuna kuoneka kuti atseke kamera kapena ailozetse pa tebulo. Zoom imauza anthu yokha kuti kujambula kwayamba, koma khitchini ndi m'kati mwa nyumba ya munthu, mmene mumadutsa ana ndi alendo, ndipo mwini nyumba amayenera kumva nkhaniyi m'kamwa mwa mphunzitsi.

Chachisanu ndi kuitana zipangizo chimodzi chimodzi. Gawo limeneli ndilo lalitali kuposa onse, ndipo ndilo limapulumutsa kalasi. Chachisanu ndi chimodzi ndi chenjezo la zakudya zowenga ndi la ngozi. Chomaliza ndi chiganizo chimodzi cholowetsa anthu mu ntchito yoyamba ya manja.

Kuitana zipangizo

Mndandanda wa zogula umatumizidwa masiku awiri kapena atatu kalasi isanafike, komabe pa tsikulo pamapezeka wina amene wagula chosiyana. Mphunzitsi akangofunsa kuti "Nonse muli ndi zonse?" aliyense amavomera, ngakhale amene alibe dzira. Njira yabwino ndi kunyamula chinthu chilichonse kuchionetsa ku kamera, kutchula muyeso wake, ndi kupempha ophunzira kuti nawonso anyamule chawo. Apa m'pamene zimaoneka kuti wina wabweretsa soda m'malo mwa bekini pauda. Ziwirizi n'zoyera zonse, koma sizigwira ntchito mofanana. Soda ndi yamphamvu kwambiri ndipo imafuna chowawasa monga chambiko kuti ifufumitse bwino. Ikathiridwa pa muyeso wa bekini pauda, mandasi amamveka ngati sopo m'kamwa. Apanso m'pamene amadziwika amene wagula fulawa wothira kale zofufumitsa, amene amapezeka kwambiri m'masitolo a ku South Africa ndi ku Britain. Woteroyo amauzidwa kuti bekini pauda amusiye.

Miyeso imafuna chisamaliro chomwecho. Mawu akuti kapu satanthauza chinthu chimodzi m'nyumba zonse: kapu ya tiyi ya agogo ndi chikapu cha phala zimasiyana kwambiri. Kapu yoyezera imakhala ya mamililita 250, supuni yaing'ono ya mamililita 5, ndipo supuni yaikulu ya mamililita 15. Amene alibe kapu yoyezera amauzidwa kugwiritsa ntchito kapu imodzi yomweyo poyeza fulawa ndi mkaka, kuti ziwirizo zilingane ngakhale kapuyo itakula kapena kuchepa pang'ono.

Chitsanzo chonse

Chitsanzo chili m'munsichi ndi cha kalasi ya Loweruka, yoyamba 3 koloko masana nthawi ya ku Malawi, pa Zoom yaulere. Mphunzitsi ndi mayi wa ku Blantyre, ndipo ali ndi womuthandiza amene akuyang'anira mauthenga. Chakudya cha tsikulo ndi mandasi a bekini pauda, oponya m'mafuta ndi supuni. Asankhidwa chifukwa safuna kudikira kuti afufume monga a yisiti. Dzina la Mayi Uje likuimira dzina la mphunzitsi aliyense.

Pamene anthu akulowa, mphunzitsi amabwerezabwereza mawu afupi awa:

"Takulandirani amayi ndi abambo. Tiyamba 3 koloko ikangokwana. Padakali pano ikani foni pamalo pouma, kutali ndi moto, poti muzitha kuiona manja anu ali pa ntchito. Poto musamutereke kaye."

Nthawi ikakwana amayamba:

"Mwaswera bwanji nonse? Ine ndine Mayi Uje, ndikuyankhula kuchokera ku Blantyre. Amene akundithandiza ndi Achimwene awa, ndiwo aziwerenga mauthenga anu. Ngati mukundimva bwino komanso mukuona tebulo ili, kwezani chala chachikulu ku kamera."

Amadikira, n'kuyang'ana nkhope zonse.

"Zikomo. Lamulo loyamba: pasakhale woika mafuta pamoto ndisananene. A gasi ndi a magetsi, musayatse. A mbaula, kolezani makala tsopano, koma poto akhale pansi. Mbaulayo ikhale pakhonde kapena pamalo podutsa mphepo, osati m'chipinda chotseka.

"Lero tiphika mandasi a bekini pauda. Pomaliza aliyense akhala ndi mandasi okwana mbale imodzi yaikulu, a tiyi wa banja lonse. Titenga ola limodzi ndi mphindi 15. Pulogalamuyi itidula pakatha mphindi 40, choncho tagawa ntchito pawiri. Chigawo choyamba tisakaniza ndi kuyankha mafunso, kenako tipuma. Mukatero mulowenso ndi linki yachiwiri imene mwalandira pa WhatsApp. Mafuta apita pamoto m'chigawo chachiwiri, kuti tisadulidwe tili pakati pokazinga.

"Maikolofoni anu onse ndawatseka, kuti phokoso la mapoto lisatisokoneze. Mukakhala ndi funso, gwedezani supuni ku kamera, Achimwene akuonani. Ngati m'manja muli mouma, lembani mu Chat. Koma pakachitika changozi, dinani Unmute n'kuyankhula pomwepo, musadikire chilolezo. Netiweki yanu ikaduka kapena magetsi akazima, chotsani poto pamoto kaye, kenako lowaninso ndi linki yomweyo. Ikaduka yanga, chitani chimodzimodzi, ndipo mundidikire mphindi zisanu. Malangizo onse alembedwa mu uthenga wa pa WhatsApp uja.

"Kalasiyi tiijambula, ndipo vidiyo idzapita kwa olembetsa okha. Amene sakufuna kuoneka atseke kamera kapena ailozetse pa tebulo. Ndiyamba kujambula ndikawerenga mpaka zitatu.

"Tsopano tiitane zipangizo. Ndikanyamula, inunso nyamulani. Fulawa, makapu awiri. Ngati wanu ndi wothira kale zofufumitsa, gwedezani supuni. Bekini pauda, masupuni aang'ono awiri. Werengani pa chitini, asakhale soda. Shuga, masupuni aakulu atatu. Mchere, kotsina ndi zala. Dzira limodzi. Mkaka, kapu imodzi, yomwe ija mwayezera fulawa. Mafuta okwanira kuti mandasi ayandame, koma asapitirire theka la poto. Poto wakuya ndi chivundikiro chake. Beseni, mthiko, masupuni awiri, chipande chobowola chovuulira, ndi mbale yoyala pepala. Alipo amene wapereweredwa kanthu?"

Amadikiranso, ndipo woperewera amapatsidwa cholowa m'malo pomwepo.

"M'mandasi awa muli tirigu, dzira ndi mkaka. Ngati chimodzi mwa izi chimakuwengani, kapena chimawenga wina amene adye nawo, nenani tsopano. Ana aang'ono akhale kutali ndi poto, ndipo chogwirira cha poto chiloze mkati. Mafuta akayaka, musathire madzi. Zimitsani chitofu, vundikirani poto, musamunyamule. Ndipo mukamakazinga maso akhale pa poto. Ine ndizibwereza chilichonse kawiri, muzingondimvera ndi makutu.

"Tiyeni tisambe m'manja ndi sopo. Mukabwera, tengani beseni ndi fulawa."

Zifukwa za mawu ena a m'chitsanzochi

Mawu akuti gwedezani supuni alowa m'malo mwa batani la Raise Hand chifukwa munthu amene zala zake zili ndi fulawa wonyowa sangadine foni. Njirayi imagwira ntchito pamene ophunzira ali ochepa moti womuthandiza akuona nkhope zonse pa kompyuta nthawi imodzi. Kalasi ikakula, ndiye kuti mauthenga olemba ndi batanilo ndizo zimatsala, ndipo mawu olandirira amasinthidwa kuti anene zimenezo.

Kuika mafuta m'chigawo chachiwiri n'kumene kumateteza anthu kwambiri m'dongosolo lonseli. Msonkhano ukaduka mafuta ali pamoto, wophunzira amasiya poto n'kuyamba kulimbana ndi foni. N'chifukwa chake langizo la kuduka kwa netiweki limayamba ndi kuchotsa poto pamoto, kulowanso n'kubwera pambuyo. Langizo lakuti mafuta asapitirire theka la poto nalonso lili ndi chifukwa: mafuta amakwera ndi thovu chakudya chonyowa chikalowamo, ndipo akasefukira pa moto amayaka. Madzi akathiridwa pa mafuta oyaka amasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kumwaza motowo, pamene chivundikiro chimautsekera mpweya. Chenjezo la mbaula likukhudza mpweya woipa umene makala amatulutsa, umene suoneka ndipo sununkha, koma umapha m'chipinda chotseka. Munthu angakokere mbaula m'nyumba pofuna kuthawa mphepo kapena kuyandikira pamene foni ikutchajidwa, choncho mphunzitsi amanena zimenezi ngakhale zikuoneka zodziwikiratu.

Palinso zimene zasiyidwa dala. Kayezedwe ka kutentha kwa mafuta, kamene pokazinga mandasi kamafunika kukhala pakati pa madigiri 170 ndi 180, sikatchulidwa m'mawu olandirira. Kamadikira nthawi yake, pamene mphunzitsi adzaponya kadontho ka fulawa wosakaniza m'mafuta n'kuonetsa mmene kamayandamira ndi thovu. Langizo lonenedwa mphindi 45 lisanafunike limaiwalika. Mbiri ya mphunzitsi, mitengo ya makalasi otsatira ndi dongosolo la masabata akubwerawo zimanenedwa kumapeto, anthu akudya. Kudziwana kwa ophunzira kumachitika pamene manja ali ndi mpata, monga nthawi yodikira kuti mafuta atenthe. Anthu 12 atapatsidwa mphindi imodzi aliyense kuti anene dzina ndi kwawo, mphindi 12 zapita, ndipo makala a ena ayamba kunyeka pachabe.

Kalembedwe ndi kayankhulidwe

Mawuwa amalembedwa mmene munthu amayankhulira, chiganizo chimodzi langizo limodzi. Amalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa pepala lomatidwa pafupi ndi kamera, kuti maso a mphunzitsi asamagwe pansi. Malo odikira yankho amaikidwa chizindikiro, chifukwa pa tsiku loyamba mantha amathamangitsa lilime. Moni ndi malonje akhoza kusintha monga mtima wafunira, koma ziganizo za moto, za zakudya zowenga ndi za kujambula zimawerengedwa mmene zalembedwera, popanda kudumpha.

Pa nkhani ya ulemu, kalasi yoyamba imakhala ndi anthu osadziwana, achikulire ndi achinyamata, choncho mphunzitsi amagwiritsa ntchito inu kwa aliyense, n'kumati amayi, abambo, achemwali kapena achimwene. Vuto limabwera pa maina amene amaoneka pa pulogalamu, popeza ambiri amalowa ndi dzina la mtundu wa foni yawo. Mphunzitsi sangachenjeze munthu msanga ngati anthu atatu onse akuoneka ndi dzina la foni imodzimodzi. Womuthandiza amakonza zimenezi anthu akamalowa, powafunsa dzina limene akufuna kuitanidwa nalo n'kugwiritsa ntchito Rename.

Makamera nawo amakhudza mawu. Aphunzitsi ambiri amagwiritsa ntchito zipangizo ziwiri, china choloza nkhope ndi china choloza tebulo kuchokera pamwamba. Chachiwiricho chimalowa mu msonkhano popanda mawu, apo ayi ziwirizo zimamvana zokhazokha n'kuyamba kulira mokweza. Womuthandiza amadina Spotlight for Everyone pa kamera ya tebulo kuti onse aone manja. Komanso Zoom imachepetsa phokoso limene si mawu a munthu, moti kulira kwa mafuta mwina sikufika kwa ophunzira. Mphunzitsi wodziwa zimenezi sanena kuti "mverani mmene akulirira", koma amafotokoza zooneka ndi maso, monga kukula kwa thovu ndi mtundu wa mandasi.

Zizindikiro zakuti mawu sanagwire ntchito

Zolakwika za mawu olandirira zimaoneka kalasi ili mkati. Ngati pakatha mphindi 10 wina afunsa kuti fulawa ndi makapu angati, ndiye kuti kuitana zipangizo kunathamangitsidwa. Ngati utsi uoneka pa kamera ya wophunzira pamene ena akusakaniza, lamulo la moto linanenedwa mochedwa kapena iye analowa litanenedwa kale. Ngati anthu ambiri sabwerera m'chigawo chachiwiri, nkhani ya linki sinamveke. Ngati pali zii mphunzitsi akafunsa, mwina sanadikire mokwanira, kapena funsolo linali lotambalala kwambiri. Funso lakuti "Zikuyenda?" silibweretsa yankho lothandiza, pamene lakuti "Onetsani beseni lanu ku kamera" limaonetsa amene wathira mkaka wambiri.

Ochedwa kulowa amakhalapo pa kalasi iliyonse yoyamba, ndipo kubwereza mawu onse chifukwa cha iwo n'kulanga amene anasunga nthawi. Mankhwala ake ndi uthenga waufupi wolembedwa kale, wa mizere inayi: osaika mafuta pamoto, muli tirigu, dzira ndi mkaka, kalasi ikujambulidwa, ndipo pano tafika pakuti. Womuthandiza amautumizanso mu Chat nthawi iliyonse wina akalowa, chifukwa wochedwa kawirikawiri saona mauthenga amene analembedwa iye asanafike.

Kalasi ikatha, mphunzitsi amaonera mphindi 15 zoyambirira za vidiyo ali ndi pepala la mawu m'manja. Funso lililonse limene ophunzira anafunsa pa zinthu zimene zinayenera kumveka poyamba limasanduka chiganizo chatsopano, ndipo chiganizo chimene chinangodya nthawi chimafufutidwa. Pa kalasi yachiwiri gawo la mabatani ndi la kujambula limafupika, popeza anthu azolowera, ndipo mawu onse akhoza kutha m'mphindi zitatu. Kuitana zipangizo, chenjezo la zakudya zowenga ndi lamulo la moto sizifupika, chifukwa chakudya chimasintha sabata iliyonse.